Dzina Lili Panja, Zoona Zili Mkati mwa Chikwama

Mu Lusaka muno zikwama za mayina akuluakulu zachuluka kuposa masitolo ozigulitsa. Timaziona mu minibasi, ku kicheni pate, ku tchalitchi, pa WhatsApp ya anzathu ochita malonda. Zina zimachokera m'mabelo a salaula ku Soweto ndi ku City Market, zina zimabwera zatsopano m'mapulasitiki, zina wogulitsa amati anazitenga ku Dubai kapena ku Joni. Pa zonsezi, maso athu amathamangira chinthu chimodzi chabe: dzina lolembedwa panja. Tikaona LV, GG kapena ma C awiri olowana, mtima umakhala pansi ndipo timayamba kukamba za mtengo.

Apa ndi pamene timagwera. Dzina ndiye chinthu chosavuta kukopera pa chikwama chonse. Makina osindikizira amalemba LV pa nsalu iliyonse popanda kufunsa. Chimene chimadya ndalama za wopanga ndi zitsulo zolimba, nsalu ya mkati yoyenera, ndi kudula nsalu ya panja mwanjira yakuti maluwa ake akhale pamalo pake. Wopanga gong'a amapulumutsa ndalama pa zinthu zitatu zimenezi, chifukwa adziwa kuti ambiri a ife sitiziyang'ana. Akuluakulu anakamba kale kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Maganizo athu ndi awa. Kunyamula gong'a ukudziwa kuti ndi gong'a, pa mtengo wa gong'a, ndi nkhani ya thumba lako. Chopweteka ndi kulipira ndalama ya lendi pa chinthu chimene chidzayamba kusenda dzuwa la Okutobala likangochiwomba. Ndipo pali kutaya kwina kumene sitikamba kawirikawiri: kusiya chikwama chenicheni pa mulu wa salaula chifukwa chaoneka chakale, ndi kutola chonyezimira chabodza chimene chili pambali pake. Zonse ziwiri zimachitika chifukwa sitinaphunzire kuwerenga chikwama.

Chikwama chimadzitchula chokha

Kampani iliyonse yaikulu ili ndi zizindikiro zake, ndipo munthu wozidziwa angatchule kampaniyo olo dzina litabisidwa. Chanel imadziwika ndi chikopa chosokedwa m'timabokosi topendekera ngati dayamondi, ndi tcheni cholukidwa pamodzi ndi kachingwe ka chikopa. Pa loko wake wa ma C awiri, C wa kumanja amakwera pamwamba pa mnzake kumtunda, ndipo C wa kumanzere amakwera pamwamba kumunsi. Gucci ili ndi ma G awiri ndi mzere uja wa mitundu yobiriwira, yofiira, yobiriwiranso. Coach imasoka kachikopa ka makona anayi mkati, kolembedwa mawu ofotokoza chikwamacho. Louis Vuitton ili ndi nsalu ziwiri zotchuka: Damier, ya timabokosi ngati bolodi la drafuti, imene inayamba mu 1888, ndi Monogram, ya LV ndi timaluwa, imene Georges Vuitton anapanga mu 1896.

Koma kudziwa kampani ndi theka chabe la nchito. Kampani imodzi imapanga mitundu yambiri ya zikwama, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kapangidwe kake. Funso lothandiza ndi ili: kodi zitsulo, nsalu ya mkati ndi maluwa a panja zikugwirizana ndi mtundu umene chikwamachi chikudzitcha? Gong'a kawirikawiri amagwa pa kugwirizana kumeneku. Amatenga panja pa mtundu uwu, mkati mwa mtundu uja, zitsulo za kwina, ndi kuziphatikiza.

Kuti zimveke, titenge chikwama chimodzi chimene chimakopedwa kwambiri, Speedy 30 ya Louis Vuitton ya nsalu ya Monogram. Ndi chija chooneka ngati kamgolo kogona, cha zogwirira ziwiri zazifupi ndi zipi imodzi pamwamba. Tinene kuti wina akutigulitsa pa K4,000, akuti ndi chenicheni, chinagwirapo nchito, chinatuluka m'belo. Tichiyang'ane pang'onopang'ono.

Yambani ndi nsalu ya panja

Choyamba, nambala 30 ija ndi muyeso: chikwamacho ndi cha masentimita pafupifupi 30 m'litali mwake. Tepi ya telala ikasonyeza 26 kapena 34, nkhani yavuta kale.

Chachiwiri, ambiri timadabwa kumva kuti thupi la chikwamachi si chikopa ayi. Ndi nsalu yolimba ya kanivasi yokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala. Choncho wogulitsa akatiuza kuti "nunkhizani, ndi chikopa chenicheni chonsechi", ndiye kuti sadziwa katundu wake kapena afuna kutipusitsa. Chikopa chili pa zogwirira, pa timakutu tolumikiza zogwirira ku thupi, ndi pa kamzere kozungulira m'mbali.

Manje titembenuze chikwama. Speedy ya Monogram imapangidwa ndi nsalu imodzi yaitali imene imayambira pa zipi, kutsika kutsogolo, kudutsa pansi, ndi kukwera kumbuyo mpaka pa zipi. Zotsatira zake ndi ziwiri. Pansi sipakhala msoko wa pakati. Ndipo mbali imodzi zilembo za LV zimaima bwino, pamene mbali inayo zimakhala chadodolido. Munthu wosadziwa akaona LV wozondoka amati wagwira wakuba, pamene pa mtundu uwu ndi mmene ziyenera kukhalira. Chokayikitsa ndi Speedy imene LV wake waima bwino mbali zonse ziwiri ndipo pansi pali msoko. Komanso Speedy sikhala ndi timiyendo ta chitsulo pansi. Tikaona tina tinayi tonyezimira, wopanga anabwereka ku chikwama china.

Kenaka tione kufanana kwa mbali ziwiri. Tiyerekeze kuti tajambula mzere pakati pa chikwama kuchokera pa zipi kutsika. Duwa likadulidwa theka kumapeto kwa kumanzere, kumanja kuyeneranso kukhala duwa lomwelo lodulidwa theka lomwelo. Kudula kotere kumataya nsalu, chifukwa wodula satha kungoyambira pamene wasiyira. Wopanga gong'a safuna kutaya kanthu, ndiye maluwa ake amapendekera kapena kuthera pena paliponse.

Pali lamulo limene timauzana lakuti Louis Vuitton sidula chilembo cha LV pa msoko. Pa Speedy lingatithandize, koma si lamulo la zikwama zonse za kampaniyi, ndipo opanga gong'a a masiku ano analimva kale. Kufanana kwa mbali ziwiri ndi umboni wodalirika kuposa lamulo limenelo.

Zogwirira zimasunga zaka

Chikopa cha pa zogwirira za Speedy ya Monogram ndi cha ng'ombe, chosapakidwa utoto. Chikakhala chatsopano chimakhala chotuwa ngati mkaka wothira tiyi pang'ono. Dzuwa, thukuta ndi mafuta a m'manja zimachidetsa pang'onopang'ono mpaka chifike mtundu wa uchi, ndipo pogwira penipeni pamada kuposa pena. Madontho a mvula amasiya zipsera. Zimene timaziona ngati litsiro pa mulu wa salaula nthawi zambiri ndiwo umboni wabwino.

Chikopa chabodza sichisintha motero. Chimakhala chotuwa mpaka kale, kapena amachipaka mtundu wa uchi wofanana paliponse popanda malo oderapo. Chikakalamba chimang'ambika ndi kusenda ngati khoma la penti yotchipa, ndipo pansi pake pamaoneka nsalu yoyera. M'mphepete mwa zogwirira zenizeni muli utoto wofiira woderako, wopakidwa mosamala. Wa gong'a umakonda kufiira kwambiri ngati tomato, ndi kutayikira pa chikopa.

Ulusi nawo umakamba. Wa chenicheni ndi wachikasu woderako, osati wowala ngati yunifomu ya sukulu. Misoko yake ndi yofanana kutalika, yopendekera pang'ono mofanana. Tiwerenge misoko ya pa kakhutu kamodzi kolumikiza chogwirira, kenaka tiwerenge pa tinzake titatu. Nambala iyenera kufanana pa tonse tinayi.

Zitsulo: kulemera, zilembo, kukalamba

Ife a dziko la mkuwa tiyenera kumva msanga nkhani iyi. Loko wa Speedy ndi wa brasi, chitsulo chosakaniza mkuwa ndi zinki. Brasi imalemera m'manja, imazizira poigwira, ndipo ikakalamba imazimirira ndi kudera. Nthawi zina pozungulira timisomali ta pa chikopa pamatuluka tobiriwira, monga momwe waya wa mkuwa umachitira ukakhalitsa. Zitsulo za gong'a wotchipa zimapepuka, zina ndi pulasitiki yopakidwa golide. Tikazigogoda ndi chikhadabo zimalira mopanda mphamvu, ndipo golide wake amatupa timatuza ndi kusenda.

Maginito amathandiza, koma mbali imodzi chabe. Brasi sigwidwa ndi maginito, choncho loko akakakamira, si brasi. Koma akapanda kukakamira sitinapambane ayi, chifukwa zitsulo zotchipa za zinki nazo sizigwidwa. Ndiponso kufufutika pang'ono pa chokokera zipi si mlandu: zikwama zenizeni zogwira nchito zaka zambiri zimafufutika pamene chala chimagwira tsiku lililonse. Chimene tifuna kusiyanitsa ndi kutha kosalala kwa ukalamba ndi kusenda kwa utoto.

Tiyatse tochi ya foni ndi kuyang'ana zilembo zozokotedwa pa timisomali ndi pa loko. Zenizeni zimakhala zakuthwa, zozama mofanana, zotalikirana mofanana. Zabodza zimaoneka ngati zasungunuka, zina zozama zina zosaoneka bwino. Loko ali ndi nambala, ndipo kiyi yake iyenera kukhala ndi nambala yomweyo. Koma tisaike mtima wonse pa loko, chifukwa amachoka: loko weniweni angakoloweke pa chikwama chabodza, ndipo chikwama chenicheni cha m'belo nthawi zambiri chimafika loko atasowa kale. Pomaliza tiyendetse zipi kuchokera uku mpaka uko katatu. Iyenera kuyenda mosagwiragwira, ndipo mano ake akhale achitsulo.

Tsegulani, mulowetse mutu

Mkati ndi mmene opanga gong'a amachitira ulesi kwambiri, chifukwa zithunzi za pa intaneti zimaonetsa panja. Speedy wamba ya Monogram ili ndi nsalu ya thonje yabulauni mkati, yokhuthala, yooneka ulusi wake. Ya Damier yabulauni ili ndi nsalu yofiira. Ya Damier yoyera ili ndi nsalu yotuwa. Choncho Speedy ya Monogram yokhala ndi mkati mofiira, kapena mwa nsalu yoterera yonyezimira yodzaza ma LV, kapena mwa nsalu yaubweya yotuwa, yadziulula yokha. Nsalu yolira ngati pepala la shuga poigwira, zomatira zotayikira m'makona, ndi fungo lamphamvu ngati la petulo kapena guluu, zonsezi ndi zizindikiro zoipa. Chikwama chenicheni cha salaula chinganunkhe chinyontho cha m'belo, koma limenelo ndi fungo lina.

Pa kachikopa ka kumapeto kwa zipi pali chidindo cha dzina ndi dziko: LOUIS VUITTON, PARIS, kenaka made in France kapena dziko lina. Zikwama za kampaniyi zimapangidwa ku France, Spain, Italy ndi America. Pa chidindo chenicheni O amakhala wozungulira ngati ndalama yachitsulo, mwendo wa pansi wa L ndi waufupi, ndipo ma T awiri amayandikana kwambiri. O wowonda ngati dzira ndi chizindikiro chodziwika cha gong'a.

Manje nambala imene ogulitsa amakonda kutionetsa. Kuseri kwa kathumba ka mkati kumakhala zilembo ziwiri ndi manambala anayi. Si nambala ya chikwama chimodzi chokha ayi. Imangotchula fakitale ndi nthawi, ndipo zikwama zambiri zenizeni zimagawana nambala imodzi. Zilembo ndi fakitale: SP ndi ya ku France, CA ndi ya ku Spain. Manambala amawerengedwa modumpha. Kuyambira 1990 mpaka 2006, yoyamba ndi yachitatu ndi mwezi, yachiwiri ndi yachinayi ndi chaka. Kuyambira 2007, yoyamba ndi yachitatu zinasanduka sabata ya chaka.

Tiyese. Tinene kuti chikwama chathu chalembedwa SP0075. Yoyamba ndi yachitatu ndi 0 ndi 7, ndiye Julayi. Yachiwiri ndi yachinayi ndi 0 ndi 5, ndiye 2005. Chikwamachi chikudzinenera kuti chinapangidwa ku France mu Julayi 2005. Tsopano tichifunse: kodi chidindo chikuti France? Kodi zogwirira zada ngati za chinthu cha zaka zimenezo? Ngati makona atha ndi nchito koma zogwirira zikali zotuwa mbee, nkhani ziwirizi sizigwirizana. Chikadalembedwa CA2151, ikadakhala sabata 25 ya 2011 ku Spain, ndipo chidindo cha France pa chikwama chomwecho chikadakhala bodza loonekeratu. Chikadalembedwa SP6182, ikadakhala sabata 68 ya 2012, pamene chaka chilibe sabata yotero.

Nambalayi ingagwetse chikwama koma singachipulumutse. Wopanga gong'a wochenjera amakopera nambala yolondola kuchokera pa chithunzi. Ndiponso kuyambira mu 2021 Louis Vuitton inaleka kudinda nambalazi, ndipo imabisa kachipangizo kakang'ono ka magetsi mkati mwa chikwama. Choncho wina akatiuza kuti chikwama ndi cha chaka chino, chatsopano, ndi kutionetsa nambala yodindidwa monyadira, wadzitchera yekha msampha.

Za m'bokosi si umboni

Bokosi, kathumba kosungiramo, lisiti ndi khadi zimasindikizidwa mosavuta kuposa chikwama. Louis Vuitton sipereka khadi lotsimikizira kuti chikwama ndi chenicheni, choncho khadi lotero ndi chizindikiro choipa osati chabwino. Pulasitiki yokulunga zogwirira ndi kachidutswa ka nsalu kolendewera pa chingwe nazonso zimakonda kuyenda ndi gong'a. Kampaniyi imagulitsa zatsopano m'masitolo ake ndi pa intaneti pake pokha, sichita selo, ndipo mu Zambia mulibe sitolo yake. Oyandikira amene ambiri timawadziwa ali ku Sandton ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Speedy yatsopano imadya madola oposa 1,000. Munthu wokhala ndi zatsopano khumi za mitundumitundu pa K1,500 chimodzi, mtengo wake wayankha kale funso.

Tichenjerenso kuti malamulo a kampani imodzi tisawaike pa ina. Made in China pa Louis Vuitton ndi mapeto a nkhani. Koma Coach ndi Michael Kors zenizeni zimapangidwa ku China, ku Vietnam ndi maiko ena a ku Asia. Ndipo zimenezi ndizo zenizeni zimene tingayembekezere kukumana nazo kawirikawiri m'mabelo, kuposa Chanel. Belo palokha si umboni: anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amapereka zovala zakale amagulanso gong'a, ndipo amazitaya m'mulu womwewo.

Nanga amene amati zilibe kanthu?

Ena amati, "Tonse tidziwa kuti ndi gong'a, vuto lili pati?" Pali zoona pang'ono pamenepo. Wophunzira wa ku koleji wogula chikwama cha K250 sananamizidwe ndi munthu. Koma msika wa manje wasintha. Gong'a ali ndi magiredi, ndipo wa pamwamba amagulitsidwa makwacha masauzande ndi mawu akuti ndi weniweni wogwirapo nchito. Wogula akafuna kugulitsanso, kapena akapereka ngati mphatso, manyazi ndi kutaya zimagwera iye. Kunamiza wogula za mtundu wa katundu ndi nkhani imene bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandira madandaulo ake, koma dandaulo limafuna umboni. Tisanatumize ndalama pa foni, tipemphe wogulitsa alembe mu meseji kuti chikwamacho ndi chenicheni, ndipo atitumizire zithunzi zoonekera bwino za pansi, chidindo, nambala, timisomali ndi nsalu ya mkati. Wogulitsa woona sakwiya ndi pempho lotere.

Tivomerezenso malire a maso athu. Gong'a wa pamwamba angapambane mayeso onse amene takamba, ndipo ngakhale akatswiri amafunika kuchigwira ndi kuchifanizira ndi chenicheni. Mayesowa ndi sefa: chikwama chikagwa pa chimodzi chachikulu, monga msoko pansi, mkati molakwika kapena nambala yosatheka, tichisiye pa mtengo wa chenicheni. Chikapambana zonse, ndiye kuti chingakhale chenicheni, osati kuti tatsimikiza. Ndalama zimene tilipira zilingane ndi kukayika kumene kwatsala.

Zonsezi zimatenga mphindi khumi, tepi ya telala ndi tochi ya foni. Kuona maso a nkhono ndi kudekha, ndipo wogulitsa wotifulumiza kuti "wina akubwera kudzachitenga manje manje" akufuna kutilanda mphindi khumi zimenezo. Tisamupatse. Titembenuze chikwama, tiwerenge misoko, tiyendetse zipi, tiyang'ane mkati, ndipo za mtengo tikambe pambuyo pake.